Mutu 6: Ketulo Yabwerera Pakauntala

Wogulitsa m'sitolo aliyense amasekerera munthu amene walowa ndi ndalama m'manja, ndipo zimenezo sizifuna maphunziro. Amene amavuta ndi uja walowa ndi jumbo lakuda kukhwapa, nkhope ili gwa, n'kufika pakauntala osapenya mashelefu. M'jumbomo muli katundu amene anagula sabata yatha. Phunziro lili m'mutu unoli ndi la munthu ameneyo. Ndalikonza kuti mwinisitolo kapena manijala aphunzitse anyamata ndi atsikana ake m'mawa sitolo isanatsegulidwe, kwa ola limodzi ndi theka. Ndasankha ketulo yamagetsi chifukwa imabwezedwa kawirikawiri, komanso zoiwononga zimaoneka ndi maso. Wogulitsa nsapato kapena mawailesi asintha katunduyo, koma kayendedwe ka phunziro n'komweko.

Wophunzitsa asonkhanitsiretu zinthu izi madzulo a dzulo lake: ketulo yabwinobwino imene wachotsamo fyuzi ya m'pulagi n'kuikamo yakupsa, ketulo ina yopseratu (m'sitolo zambiri imapezeka kuseri, pa katundu wowonongeka), mafyuzi atsopano angapo olembedwa 13A, sikuludiraiva yaing'ono, jagi ya madzi, lisiti lakale, ndi kope lolembamo madandaulo. Phunziro lichitikire pakauntala penipeni, anthu ataimirira. Mukakhala pamipando mozungulira ngati msonkhano wa mpingo, aliyense amayankha mwanzeru, koma nzeruzo zimatsala pampando pomwepo.

Mphindi khumi zoyamba: sewero loipa

Musayambe ndi kulangiza. Uzani mmodzi mwa ogulitsa, makamaka wolongolola uja, kuti akhale kasitomala, inu mukhale wogulitsa. Mumunong'oneze kuti anagula ketulo masiku asanu apitawo pa K38,000, yasiya kugwira ntchito, ndipo wakwera minibasi ziwiri kuti afike. Inuyo muchite zoipa zonse zimene mwakhala mukuziona.

*Kasitomala:* Pepani, ketulo ija ndinagula kuno Lachiwiri yasiya kuyaka.

*Wogulitsa* (maso ali pa foni): Mwaitani?

*Kasitomala:* Sindinaitani. Yangosiya.

*Wogulitsa:* Aaa, ketulo zimenezi sizivuta. Mwina ndi magetsi a kwanu. Lisiti lili kuti?

*Kasitomala:* Ili apa. Koma ine ndikufuna…

*Wogulitsa:* Amene anakugulitsani si ine. Komanso abwana kulibe. Mudzabwere mawa.

Anthu aseka, chifukwa aliyense azindikira mawu a mnzake, ena a iye mwini. Alekeni aseke. Kenako funsani amene anali kasitomala uja funso limodzi: "Ndi pati pamene mtima unayamba kutentha?" Nthawi zambiri satchula za mawa zija. Amatchula mawu oyamba, akuti "mwaitani". Mawu amenewa ndi funso pakamvekedwe, koma mkati mwake muli chigamulo chakuti wolakwa ndi mwini ketulo. Munthu akaweruzidwa asanafotokoze, amasiya kufotokoza n'kuyamba kudziteteza, ndipo zimene wogulitsa amafunika kudziwa sazimvanso.

Apa wophunzitsa anene mawu ake oyamba, mwachidule:

"Anzanga, munthu wobweza katundu amakhala atakonzekera ndewu ali m'minibasi. Wayeserera kale mayankho a zimene akuganiza kuti munena. Ntchito yathu mu mphindi yoyamba si kupeza wolakwa. Ndi kumuonetsa kuti ndewu imene wakonzekerayo kulibe. Foni pansi. Moni. Landirani ketuloyo ndi manja awiri, muiike pakauntala pakati pa inu ndi iye, musaibise pansi. Ndiye mukhale chete mpaka amalize."

Kukhala chete kumeneku n'kovuta kuposa mmene kumamvekera. Yesani pomwepo: awiriawiri, mmodzi adandaule, mnzake asatsegule pakamwa kupatula kuvomera kuti "eya" kapena "ndikumva". Wachitatu agwire wotchi. Ambiri amadula mnzawo mawu masekondi khumi asanakwane, ndipo amadabwa akauzidwa. Wodandaula amene sanadulidwe mawu kawirikawiri amamaliza yekha mphindi imodzi isanathe, ndipo mawu ake amakhala atatsika pofika kumapeto.

Kumutchula ndani?

Pano ndimachedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene achinyamata ochokera kusukulu amapunthwa. M'tauni muno mwadzaza mayitanidwe: "anti", "asisi", "madala", "bigi", "abwana". Pogulitsa zinthu zili bwino, ena mwa mawuwa amadutsa, mwinanso amakometsa malonda. Koma munthu akakwiya, khutu lake limasintha. Mayi wa zaka makumi asanu amene dzulo anaseka mutamutcha "anti" lero amva chipongwe m'mawu omwewo. Bambo amene mwamutcha "madala" amva kuti mukumuyesa nkhalamba yosadziwa magetsi. Choncho lamulo la pakauntala likhale losavuta: pa dandaulo, "amayi" ndi "bambo" kwa akuluakulu onse, "agogo" kwa okalamba enieni okha, "achimwene" ndi "achemwali" kwa a msinkhu wanu. Ngakhale atatumidwa mwana wa sukulu, mumulankhule ndi "inu", chifukwa zimene munene akazibwereza kunyumba liwu ndi liwu.

Chinanso ndi chilankhulo. Ndinaona m'sitolo ina ku Limbe mtsikana akucheza bwinobwino m'Chichewa ndi mayi wina, koma mayiyo atangotulutsa ayironi yowonongeka m'chikwama, mtsikanayo anatembenukira ku Chingerezi. Sanachite dala, anathawiramo ngati m'linga. Mayi uja anamva kuti akumutsekera chitseko, ndipo anakweza mawu mpaka mlonda anasuzumira. Kasitomala akayamba m'Chichewa, malizani naye m'Chichewa.

Mafunso anayi ndi soketi

Munthu akamaliza kufotokoza, wogulitsa apepese kamodzi, ndipo adziwe chimene akupepesera. Ogulitsa ambiri amaopa mawu akuti "pepani" poganiza kuti akavomereza mlandu ndiye kuti ndalama idulidwa pa malipiro awo. Koma Chichewa chathu chinatikonzera kale njira: timapepesa munthu amene wapunthwa pa mwala umene sitinauike ndife. "Pepani kuti mwavutika n'kubwerera kuno" sikuvomereza kuti ketulo inali yoipa. Chimene wogulitsa sayenera kunena asanaone ndi chakuti "tikusinthirani" kapena "tikubwezerani ndalama".

Akatero abwereze dandaulolo m'mawu ake, mwachidule, kuti mwiniwake amve kuti lafika. Kenako mafunso. Safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwika amalumidwa ndi njuchi zomwe. Mafunso onse akhale okhudza ketulo, osati munthu. "Munaiyatsa yopanda madzi?" ndi mlandu. "Tsiku lomaliza kugwira ntchito, inachita bwanji?" ndi funso, ndipo yankho lake limabwera ndi zonse. Anayi amene ndimaphunzitsa ndi awa: idagulidwa liti, inachita bwanji tsiku lomaliza, imalumikizidwa pa soketi ya pakhoma kapena pa ekisitenshoni, ndipo kagetsi kake kamayaka kapena ayi.

Wophunzitsa afotokoze chifukwa cha funso lililonse, apo ayi anthu aloweza ngati ndakatulo. Ketulo ndi chimodzi mwa zipangizo zokoka moto wambiri m'nyumba. Zambiri zimalembedwa pansi pake mawati pakati pa 1,500 ndi 2,200. Pa magetsi athu a mavoti 230, ketulo ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9. N'chifukwa chake pulagi yake ya mano atatu imafuna fyuzi yolembedwa 13A. Ikapezeka ndi ya 3A kapena 5A, imapsa msanga ketulo ili bwinobwino. N'chifukwa chakenso ekisitenshoni zotchipa za waya woonda zimatentha n'kusungunuka mkati, mwini n'kumaganiza kuti yafa ndi ketulo. Tembenuzani ketuloyo, aliyense awerenge yekha manambalawo. Tsegulani pulagi, aliyense agwire fyuziyo ndi zala.

Kuyesa kuchitike pamaso pa kasitomala, osati kuseri. Ketulo ikangolowa kuseri kwa katani, munthu amayamba kuganiza kuti mukuisintha kapena mukuiwononga dala. Thirani madzi kupitirira mzere wa pansi, tsekani chivundikiro, lumikizani pa soketi ya pakhoma imene mukuidziwa kuti ikugwira. Sewero lachiwiri liyambire apa.

*Wogulitsa:* Takulandirani amayi. Tikuthandizeni?

*Kasitomala:* Mundithandize chiyani, inu mumagulitsa zinthu zakufa! Ketulo iyi ndagula Lachiwiri lomweli, K38,000, lero basi yafa. Ndachokera ku Chirimba, ndalama ya minibasi ndani andibwezere?

*Wogulitsa* (alandira ndi manja awiri, adikira): Pepani amayi, mwavutika ndi ulendo. Ndamva kuti munagula Lachiwiri, yagwira masiku ochepa, ndiye yasiya. Tsiku lomaliza inachita bwanji?

*Kasitomala:* Dzulo m'mawa ndinawiritsa madzi a tiyi bwinobwino. Magetsi anazima masana. Atabwera madzulo, ndikuti ndiyatse, zii.

*Wogulitsa:* Kagetsi aka kakuyaka mukadina?

*Kasitomala:* Ayi, palibe chilichonse.

*Wogulitsa:* Chabwino. Tiyeni tiiyese pompano muli pomwepa. (Athira madzi, alumikiza, adina.) Zoonadi, siikuyaka. Mundilole nditsegule pulagi iyi, muli kafyuzi mkati. Kakapsa, ketulo imakhala ngati yafa.

*Kasitomala:* Musandiphere ketulo yanga kawiri.

*Wogulitsa:* Ayi amayi, ndikutsegula pulagi yokha, ketuloyo sindiikhudza. Onani, aka ndi kakale, aka ndi katsopano, nambala yake ndi imodzi. (Asintha, alumikiza, kagetsi kayaka.) Tidikire iwire mpaka izime yokha, kuti mupite mutatsimikiza.

Muimitse sewero pamenepa, madzi akuwira, ndipo mufunse oonerera chimene wogulitsa sanayankhe. Wina azindikira: nkhani ya ndalama ya minibasi, ndi chipongwe chakuti timagulitsa zinthu zakufa. Anachita bwino kusayankha. Mawu aukali a pachiyambi safuna yankho lililonse, ndipo wogulitsa amene ayamba kuteteza mbiri ya sitolo wataya kale ketulo ija. Funsaninso chifukwa chodikirira kuti iwire. Mphindi zitatu kapena zinayi zimenezo zimaoneka zotayika pamene pali mzere, koma fyuzi siipsa popanda chifukwa. Nthawi zina ndi yofooka chabe kapena ya nambala yochepa, koma nthawi zina vuto lili m'ketulo momwemo, ndipo yatsopanoyo ipsanso nthawi yomweyo kapena madzi asanawire. Ikapsanso, musaikemo yachitatu. Ketuloyo ndi yowonongeka, ndipo nkhani yasanduka yosintha katundu. Chenjezaninso mwamphamvu kuti pasapezeke womanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi pofuna kuti kasitomala achoke msanga. Zimenezo zimayatsa ketulo lero, mawa n'kuyatsa nyumba.

Pali madandaulo ena awiri amene amathera pa soketi pomwepo, ndipo ndi bwino kuwatchula mwachangu. Wina amati ketulo siizima yokha. Nthawi zambiri chivundikiro sichikutsekeka bwino, chifukwa chimene chimazimitsa ketulo ndi nthunzi yopita pa kachitsulo ka pa switchi. Nthunzi ikathawira kunja, ketulo imangowira. Wina amati ikuchedwa kuwira kapena ikuzima madzi asanawire, ndipo mukasuzumira mupeza pansi pake pachita zoyera ngati laimu. Amenewo ndi madzi a pamjigo a m'madera ena. Viniga kapena madzi a mandimu, kuwiritsa n'kutsuka, zimachoka.

Zimene wogulitsa angalonjeze

Gawo ili ndi la mwinisitolo kuposa la ogulitsa, ndipo likalephereka masewero onsewa ndi nthabwala. Wogulitsa amene sadziwa malire a mphamvu zake amachita chimodzi mwa ziwiri: amakana chilichonse poopa kudulidwa malipiro, kapena amalonjeza chilichonse kuti phokoso lithe, n'kusiyira mnzake wa mawa moto. Choncho phunziro lisanafike apa, mwinisitolo akhale atalemba papepala limodzi mayankho a mafunso amene ogulitsa amakumana nawo. Kodi fyuzi angapereke ulere? Katundu wowonongeka yekha angamusinthe popanda kufunsa ngati wabwera pasanathe masiku angati, ndipo wa mtengo wosapitirira ndalama zingati? Wobweza ndalama ndani, ndipo iyeyo akachokapo aimbiridwe pa nambala iti? Manambala ake ndi a sitolo iliyonse payokha. Chofunika n'chakuti alembedwe, amatidwe mkati mwa kauntala, ndipo wogulitsa amene watsatira pepalalo asadzadzudzulidwe.

Apa mpamene wina amafunsa za chikwangwani chija chimapezeka pamwamba pa kauntala kapena pansi pa lisiti, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Yankho lake ndi lakuti chikwangwani sichiposa lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene bungwe la CFTC limayang'anira. Bungweli lakhala likuchenjeza amalonda kuti sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka pongolemba mawu otero, ndipo ogula amakadandaula kumeneko. Wogulitsa asaloze chikwangwani chotero kwa munthu amene wabweretsa chinthu chimene chafa chokha. Ngati chilipo m'sitolo mwanu, malo ake ndi kuseri, pamodzi ndi makatoni. Koma ogulitsa adziwenso kusiyana kwa katundu wowonongeka yekha, katundu amene wawonongedwa ndi mwini, ndi katundu wabwino amene munthu wangosintha maganizo atafika kunyumba. Wachitatuyu ndi nkhani ya chifundo ndi ndondomeko ya sitolo. Wachiwiriyu ndiye sewero lathu lovuta.

Sewero lachitatu: kukana

Tulutsani ketulo yopsa ija, idutse m'manja mwa aliyense. Aone pansi pake mkati, pamene chitsulo chasintha mtundu n'kukhala chabuluu kapena chofiirira ngati poto woiwalika pambaula. Anunkhize fungo la pulasitiki yopsa. Ayang'ane ngati pansi papindika. Zimenezi ndi zizindikiro za ketulo imene yatenthedwa yopanda madzi. Ketulo zambiri zili ndi kachipangizo kozizimitsa zikatentha mopitirira, ndipo zina zimadzukanso zikazizira, choncho muiyesebe pa soketi musananene kanthu. Ena amaphikiramo mazira, mkaka, ngakhale phala, ndipo zotsalira zake zimamatirira pansi n'kuda bii.

Kasitomala wa sewero ili akhale bambo wamkulu, wovala bwino, wodziwa kulankhula. Mumuuze mobisa kuti kunyumba kuli mwana wa mlongo wake amene amadzuka usiku kuwerenga, koma asatchule pokhapokha atafunsidwa bwino.

*Kasitomala:* Achimwene, ine si munthu wa phokoso. Ketulo iyi yatha milungu iwiri yokha. Mungondipatsa ina, ndizipita.

*Wogulitsa:* Pepani bambo kuti yakuvutitsani msanga chonchi. Tsiku lomaliza inachita bwanji?

*Kasitomala:* Ndinangoipeza m'mawa siikuyaka.

*Wogulitsa:* Tiiyese kaye. (Athira madzi, alumikiza, asintha fyuzi, palibe.) Bambo, tasuzumirani muno. Mukuona pansi pomwe pasintha mtundu apa? Komanso fungo ili. Chitsulo chimatere chikatentha mulibe madzi.

*Kasitomala:* Mukutanthauza kuti ine sindidziwa kugwiritsa ntchito ketulo?

*Wogulitsa:* Ayi bambo, sindikunena inu. M'nyumba ketulo imagwiridwa ndi anthu ambiri, ndipo zimachitika kuti wina wadina magetsi atazima, n'kuiwala, magetsi n'kubwera usiku. Ine ndikungokuonetsani zimene ndikuona.

*Kasitomala:* Kaya. Koma ndalama yanga siingapite choncho.

*Wogulitsa:* Ndikuuzeni zoona kuti musataye nthawi. Ketulo yopsa chonchi ine sindingaisinthe. Chimene ndingachite ndi ichi: ndilemba m'kope muno, ndikupatsani kapepala kosonyeza kuti mwaisiya, abwana aione pamodzi ndi amene amatipatsa katunduyu, kuti ngati kozimitsa kake kanali kolephera kuchokera kufakitale, atiuze. Lachisanu isanakwane 12 koloko ndikuimbirani ineyo, kaya yankho ndi labwino kaya ayi.

*Kasitomala:* Ndiitanireni abwana anuwo.

*Wogulitsa:* Chabwino bambo. Tiyeni limodzi, ndikawafotokozere ndine kuti musabwereze.

Sewero limeneli libwerezedwe katatu kapena kanayi, anthu akusinthana, chifukwa koyamba pafupifupi aliyense amagwa. Ena amagwera kumanzere: bambo uja akangokweza nsidze, iwo amati "tiona mmene tingachitire" kapena "mwina atha kukusinthirani". Mawu oterewa kasitomala amawamva ngati lonjezo, ndipo Lachisanu amabwera kudzatenga ketulo yatsopano. Ena amagwera kumanja: akangoona chitsulo chabuluu chija nkhope imawala ngati wapolisi wagwira mbava, n'kunena kuti "apa ndiye mwaotcha nokha". Akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma bamboyo sangavomere pamaso pa anthu a pamzere, ndipo atetezera ulemu wake ndi phokoso. Taonani kuti wogulitsa wa m'sewero anamupatsa potulukira pomuuza kuti m'nyumba ketulo imagwiridwa ndi ambiri. Nthawi zina bambo uja amadzatchula yekha za mwana wowerenga usiku, akuseka.

Taonaninso kuti sanatseke nkhani yonse. Chitsulo chabuluu chimasonyeza kuti ketulo inatenthedwa youma, koma sichinena chifukwa chake kozimitsa sikanagwire ntchito. Wogulitsa si injiniya, ndipo asagamule zimene sangazione pakauntala. Anene zimene waona, zimene iye sangachite, zimene achite, ndi tsiku.

Za tsikuli ndimaumirira. "Tikuimbirani" yopanda tsiku ndi dzina ndi bodza laulemu limene aliyense m'dziko muno analimvapo. M'kope mulembedwe deti, dzina ndi nambala ya kasitomala, mtundu wa katundu, nambala ya lisiti, zimene mwiniwake wanena, zimene zaoneka poyesa, tsiku loimba, ndi dzina la woimba. Kapepala kofanana apite nako kasitomala. Ndipo pomutengera kwa abwana, akuluakulu anati pita uko si kuyenda, kuyenda n'tiye kuno: kuloza ofesi ndi chala kumachititsa munthu kuyambanso nkhani yake pachiyambi, ndipo ulendo wachiwiri amaiyamba ndi ukali woposa woyamba.

Lisiti likasowa, mawu akaipa

Mphindi zotsala zipite pa timasewero tiwiri tachangu. Koyamba, kasitomala alibe lisiti. Mwina analitaya, mwina lafufutika, pakuti malisiti a pamakina amene masitolo olembetsa msonkho wa VAT amatulutsa amasindikizidwa ndi kutentha, ndipo akakhala padzuwa kapena m'thumba la thalauza zilembo zimazimiririka. Wogulitsa asathamangire kunena kuti popanda lisiti palibe chimene angachite. Afunse kuti analipira bwanji. Ngati ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga uli mufoni, wokhala ndi deti, ndalama ndi nambala ya malipirowo, ndipo mbali ya sitolo ili ndi uthenga wofanana. Ngati ndi ndalama ya pamanja, tsiku ndi nthawi zimathandiza kufufuza m'kaundula wa zogulitsa, ndiponso chomata cha mtengo pa katoni chimadziwika ngati n'chanu. Yeserani chiganizo chimodzi mpaka chizituluka chokha: "Palibe vuto amayi, tiyeni tipeze njira ina yotsimikizira kuti inachokera kuno."

Kachiwiri, kasitomala watukwana. Pano wophunzitsa alankhule momveka, chifukwa atsikana ambiri a m'masitolo amaganiza kuti kupirira chipongwe chilichonse ndi gawo la ntchito. Kukweza mawu, kumenya kauntala ndi chikhatho, kunena kuti sitolo ndi ya akuba, zimenezo timapirira. Kutukwana munthu za thupi lake, makolo ake kapena mtundu wake, kumugwira, kapena kumuopseza, ayi. Wogulitsa atsitse mawu, anene kamodzi kuti, "Bambo, ndikufuna kukuthandizani, koma mawu amenewo sindingapitirize nawo." Akabwereza, wogulitsa achoke pakauntala n'kuitana wamkulu, ndipo mnzake wapafupi alowepo kuthandiza anthu a pamzere. Zimenezi zigwirizanidwe lero, aliyense adziwe amene amalowa m'malo mwa mnzake. Posewera, wotukwanayo asagwiritse ntchito mawu enieni otukwana. Angonena kuti "apa ndatukwana", apo ayi phunziro lisanduka chisudzo ndipo ena akhumudwa zenizeni.

M'masewero onsewa, woonerera asapatsidwe ntchito yonena ngati mnzake "wachita bwino". Akafunsidwa choncho amangoti "anayesetsa", poopa kudana. Mupatseni zinthu zowerengeka: masekondi amene anadutsa wogulitsa asanadule mawu, ngati anabwereza dandaulo, ngati anayesa katundu pamaso pa mwini, ngati panatuluka lonjezo limene silili papepala la mkati mwa kauntala, ndi ngati anatchula tsiku. Ayambe kulankhula ndi amene anali kasitomala, kenako woonerera, wophunzitsa pomaliza, ndipo atchule chinthu chimodzi chokha choti chikonzedwe ulendo wotsatira.

Ikamakwana nthawi yotsegula, bwezerani fyuzi yabwino m'pulagi ya ketulo ija isanabwerere pashelefu. Ndinaiwalapo kamodzi, ndipo inagulidwa tsiku lomwelo. Kope la madandaulo likhale pansi pa kauntala pamodzi ndi mafyuzi ndi sikuludiraiva. Loweruka likudzalo, musanatseke, litsegulidwe pamaso pa onse, muwerenge mayina amene analonjezedwa foni, ndipo aliyense anene ngati anaimba.